Wobetchetsa ndi ekisichenji: gawo la mwini malo limadulidwa pati?

Munthu akalowa m'shopu yobetchera mpira, kaya ku Limbe kaya ku Manchester, amapeza mitengo italembedwa kale ndipo palibe kunenerera. Tiyerekeze kuti Arsenal ikusewera ndi Chelsea, ndipo pabolodi palembedwa kuti Arsenal 2.00, kulepherana 3.40, Chelsea 3.80. Amene walemba manambalawo ndi kampani yobetchetsa, ndipo ndi yomweyo imene idzalipire tikiti ikawina. Wobetcha ali mbali ino, kampani ili mbali inayo. Chimene mmodzi wapeza ndi chimene winayo wataya.

M'chaka cha 2000, ku Britain, Andrew Black ndi Edward Wray anatsegula Betfair, yomwe inabwera ndi kachitidwe kena kotchedwa ekisichenji. Pamenepa kampani sibetcherana ndi munthu aliyense. Imangokumanitsa anthu awiri osiyana maganizo, wina wonena kuti Arsenal iwina ndi wina wonena kuti siwina. Imasunga ndalama za onse awiri mpaka mpira utatha, n'kupereka kwa amene walondola itadulapo kagawo kake. Zili ngati ku okushoni ya fodya ku Kanengo, kumene mwini malo sapikisana ndi mlimi pa mtengo koma amapereka bwalo loti wogula ndi wogulitsa akumanepo, iye n'kulandira yake pa malonda amene achitika. Masiku ano kuli ma ekisichenji enanso monga Betdaq, Smarkets ndi Matchbook, koma Betfair ndiyo yaikulu, ndipo zitsanzo zanga zitsamira pa kachitidwe kake.

Anthu ambiri akamva izi amafulumira kunena kuti ekisichenji ndiyo yabwino chifukwa mitengo yake ndi yokwera. Zoona zilimo, koma si zonse. Kuti tiweruze bwino tiyenera kuona kaye pamene aliyense wa awiriwa amadula gawo lake.

Wobetchetsa salemba paliponse kuti akudula zakuti, chifukwa gawo lake lili m'kati mwa mtengo. Njira yolionera ndi yosavuta: gawani 100 ndi mtengo uliwonse, kenako muphatikize mayankho. Pa 2.00 mupeza 50. Pa 3.40 mupeza 29.41. Pa 3.80 mupeza 26.32. Zonse pamodzi ndi 105.73. Mpira ungathe m'njira zitatu zokhazi, choncho mitengo ikanakhala yopanda chodulidwa, yankho likanakhala 100 ndendende. Chimene chapitirira, 5.73, ndiye phindu la kampani.

Tizione ndi ndalama zenizeni. Munthu wina waika £50 pa Arsenal, wina £29.41 pa kulepherana, wina £26.32 pa Chelsea. Kampani yatolera £105.73. Arsenal ikawina imalipira £100. Akalepherana imalipira £100. Chelsea ikawina imalipirabe £100. Mulimonse mmene zingathere, £5.73 yatsala m'kabati. N'zoona kuti ndalama za anthu sizigwa mwadongosolo chonchi. Nthawi zambiri zimaunjikana pa timu yotchuka, ndipo Loweruka lina kampani imaluza ndithu. Koma pa mipira zikwi zambiri kagawo kameneka kamabwerera kwawo. Chofunika kuzindikira n'chakuti kamadulidwa pa beti iliyonse panthawi imene mukuika ndalama, chifukwa mwagula pa mtengo wotsika kuposa umene mwayi weniweni ukanalola.

Tsopano mpira womwewo pa ekisichenji. Pafupi ndi dzina la timu iliyonse pali mabokosi a mitundu iwiri. Pa Betfair abuluu alembedwa Back ndipo apinki alembedwa Lay. Mukadina Back mukunena kuti chinthucho chichitika, monga mmene mumachitira m'shopu. Mukadina Lay mukunena kuti sichichitika, ndipo mukuvomera kulipira munthu amene akuti chichitika. Kunena kwina, mwakhala pampando wa wobetchetsa pa beti imeneyo. Beti iliyonse ya Back imafuna mnzake wa Lay pa mtengo womwewo, apo ayi palibe beti.

Tinene kuti pa Arsenal bokosi la Back likuonetsa 2.10 ndipo la Lay 2.12, pa kulepherana 3.60 ndi 3.65, pa Chelsea 4.00 ndi 4.10. Mukawerengera mitengo ya Back monga tachitira muja mupeza 47.62, 27.78 ndi 25.00, zomwe zikupanga 100.40. Chopitirira chatsika kuchoka pa 5.73 kufika pa 0.40. Chifukwa chake n'chakuti mitengoyi sanalembe ndi munthu mmodzi wofuna phindu pa zonse zitatu. Alemba ndi anthu ambiri opikisana. Wina akapereka Arsenal pa 2.06, mnzake wofunitsitsa kuti beti yake itengedwe amapereka 2.08, winanso 2.10, mpaka pamene palibe amene akufuna kupitirira.

Apa ndi pamene komishoni imalowera. Ekisichenji sidya m'mtengo, imadya pa phindu la amene wawina. Kwa zaka zambiri mlingo wodziwika pa Betfair ku Britain unali 5 peresenti, pomwe Smarkets inadziwika ndi 2 peresenti. Milingoyi imasintha malinga ndi dziko, mtundu wa akaunti ndi nthawi, koma kawerengedwe kake n'kamodzi. Ndigwiritsa ntchito 5 peresenti.

Mwaika £100 pa Back ya Arsenal pa 2.10. Arsenal ikawina, phindu ndi £110. Komishoni ndi 5 peresenti ya £110, yomwe ndi £5.50. Mumatsala ndi £104.50, kuphatikiza £100 yanu yomwe yabwerera yosakhudzidwa. Kwa wobetchetsa, pa 2.00, phindu likanakhala £100. Ekisichenji yakuposetsani ndi £4.50, osati £10 monga maso amaonera poyamba. Arsenal ikapanda kuwina mumataya £100 mbali zonse ziwiri, ndipo ekisichenji sikudulani kalikonse powonjezera.

Ndiye mtengo wa pa ekisichenji sungayerekezedwe ndi wa m'shopu usanachotsedwe komishoni. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
mtengo weniweni = 1 + (mtengo − 1) × (1 − komishoni)
1 + (2.10 − 1) × 0.95 = 2.045
```

Bokosi la Back likanaonetsa 2.04, phindu likanakhala £104, komishoni £5.20, zotsala £98.80. Pamenepo wobetchetsa wa 2.00 wapambana, ngakhale nambala yake ikuoneka yaing'ono. Pa komishoni ya 5 peresenti, ekisichenji iyenera kupereka 2.06 kapena kuposa kuti igonjetse 2.00 ya m'shopu. Pa matimu amphamvu a mitengo yotsika, awiriwa amayandikana kwambiri, ndipo masiku ena shopu imene ikukopa makasitomala imaposa. Kusiyana kwakukulu kumaoneka pa mitengo yokwera, pa timu yofooka kapena hatchi imene anthu sakuiyembekezera, chifukwa kumeneko n'kumene obetchetsa amakonda kudula kwambiri. Chimene shopu yalemba 15 chikhoza kupezeka pa 20 kapena kuposa pa ekisichenji, ndipo komishoni singameze mpata wonsewo.

Lay ndiyo imafuna kukhalapo pang'ono, chifukwa apa m'pamene atsopano amapsa manja. Tinene kuti mukuona kuti Chelsea siwina. Mwadina Lay pa 4.10 n'kulemba £20. Ambiri amaganiza kuti £20 imeneyo ndi ndalama imene aika pachiswe. Ayi. Imeneyo ndi ndalama ya munthu winayo, amene waika £20 yake pa Chelsea, ndipo ndi imene inu mungawine. Chimene mungataye ndi phindu limene munthuyo adzafune Chelsea ikawina. Pa sikirini chimalembedwa kuti Liability, ndipo ine ndichitchula chikole:

```
chikole = ndalama ya winayo × (mtengo − 1)
20 × 3.10 = 62
```

Arsenal ikawina kapena akalepherana, mumatenga £20 ija, kuchotsa komishoni ya £1, kutsala £19. Chelsea ikawina mumalipira £62. Ekisichenji sidikira kuti mudzalipire mwa kufuna kwanu. Panthawi imene mwaika betiyo, £62 imatsekeredwa mu akaunti yanu, ndipo ngati mulibe £62 betiyo silowa n'komwe. N'chifukwa chake anthu osadziwana angathe kubetcherana popanda kuopa kuti wina athawa.

Amene anazolowera tikiti ya m'shopu aona kuti Lay ya Chelsea ikufanana ndi 1X, yonena kuti timu yapakhomo iwina kapena alepherana. Kuika £62 kuti upeze £20 ndi mtengo wa pafupifupi 1.32. Pa mpira wa njira zitatu, ndiye kuti Lay si chinthu chachilendo kwenikweni. Imaonetsa mphamvu yake pa mpikisano wa ambiri, monga mjaha wa mahatchi 16 kapena funso la amene adzatenge ligi. Kumeneko kunena kuti uyu yekha sawina kumafuna kudina kamodzi, pamene m'shopu ukanafunika kubetchera ena onse otsalawo, aliyense ndi gawo la kampani m'kati mwake.

Msampha uli pa mitengo yokwera. Hatchi ya mtengo 21 kawirikawiri siwina, ndipo munthu amene akuchita Lay ya £10 pa mahatchi otere amaona £9.50 ikulowa tsiku ndi tsiku. Amayamba kumva ngati wapeza mgodi. Koma chikole chake nthawi iliyonse ndi £200. Ngati mtengowo uli wolondola, hatchi yotere imawina kamodzi pa mijaha 21. Maulendo 20 apambana abweretsa £190, ulendo umodziwo uchotsa £200, ndipo watsala ndi ngongole ya £10, yomwe ndi komishoni ija ndendende. Choipa n'chakuti kuluza kotere sikudziwika msanga. Munthu akhoza kutha mwezi wathunthu akuwina, n'kukweza ndalama chifukwa chodzidalira, kenako mahatchi awiri otere n'kuwina sabata imodzi. Obetchetsa a ku Britain analipira anthu amene anatenga Leicester City pa 5,000 kwa 1 mu nyengo ya 2015/16, ndipo anapirira chifukwa anali ndi ndalama zochokera ku mabeti ena osawerengeka. Munthu wamba amene wakhala pampando wa wobetchetsa alibe msana umenewo. Pa Betfair mitengo imayambira 1.01 kulekezera 1000, ndipo amene akufuna kutola £2 yokha pa Lay ya 1000 amaika chikole cha £1,998.

Kutsekera chikole kuja ndiye maziko a ekisichenji, ndipo tsiku limene kunalephera linaonetsa kufunika kwake. Pa 28 Disembala 2011, pa mjaha wa ku Leopardstown m'dziko la Ireland, hatchi yotchedwa Voler La Vedette inali kutsogolo, ikupita kukawina poyera, koma pulogalamu ya kasitomala wina inkaperekabe Lay pa mtengo wa 29, ndi chikole cha pafupifupi mapaundi 600 miliyoni chimene akauntiyo inalibe. Anthu anathamangira mtengowo. Betfair inafafaniza mabeti onse amene anaikidwa mjahawo uli m'kati, ponena kuti makina ake analakwitsa polola betiyo. Ambiri anakwiya, ndipo mkwiyo wawo ndi womveka. Koma nkhaniyi ikuonetsa poyera kuti pa ekisichenji ndalama imene mukuyembekezera ndi ya munthu wina, ndipo imadalira kuti ndalamayo ilipodi.

Tibwerere ku komishoni, chifukwa pali mbali ina imene ndiyo imasiyanitsa kwambiri awiriwa. Komishoni sidulidwa pa beti iliyonse payokha. Imadulidwa pa phindu lotsala mu msika umodzi, mabeti onse a mumsikamo ataphatikizidwa, owina ndi oluza omwe. Msika pano ndi funso limodzi, monga lakuti ndani awine mpirawu, limene pa sikirini limalembedwa Match Odds.

Tipitirize ndi £100 ija ya Back pa Arsenal pa 2.10. Mpira wayamba, ndipo Arsenal yagoletsa chigawo choyamba. Mtengo wake wagwa, bokosi la Lay tsopano likuonetsa 1.50. Mukhoza kungodikira, kapena mukhoza kugulitsa chimene munagula. Kuti phindu lifanane mbali zonse, ndalama ya Lay imapezeka chonchi:

```
ndalama ya Lay = ndalama ya Back × mtengo wa Back ÷ mtengo wa Lay
100 × 2.10 ÷ 1.50 = 140
```

Mwachita Lay ya £140 pa 1.50, chikole chake £70. Arsenal ikawina, Back ikupatsani £110, Lay ikulandani £70, kutsala £40. Chelsea ikabweza kapena ikawina, Back ikutayitsani £100, Lay ikupatsani £140, kutsala £40 yomweyo. Komishoni ndi 5 peresenti ya £40, yomwe ndi £2, ndipo mumapita ndi £38 mpira usanathe n'komwe. Ikanakhala yodulidwa pa beti iliyonse yowina, mukanalipira £5.50 kapena £7. Simufunikanso kuika £70 yatsopano, chifukwa ekisichenji imaona kuti mabeti awiriwa akutetezana ndipo imangotsekera ndalama yaikulu imene mungataye pa msika wonsewo.

Lamulo limeneli ndilo linabala anthu amene amagula ndi kugulitsa mitengo kambirimbiri mu mpira umodzi kapena mjaha usanayambe, osasamala kuti awine ndani. Wina amatenga Back pa 2.12 n'kuchita Lay pa 2.10, kufuna kampata kakang'onoko. Kwa wobetchetsa zimenezi sizingatheke, popeza beti iliyonse imalipira gawo la kampani payokha.

Njira yomweyi imagwira ntchito zinthu zikaipa, ndipo anthu okonda kufotokoza za £38 ija sakonda kutchula mbali imeneyi. Chelsea ikayamba kugoletsa, mtengo wa Arsenal ukhoza kukwera kufika 4.20. Lay ya £50 pamenepo ili ndi chikole cha £160. Arsenal ikawina mupeza £110 n'kutaya £160. Ikapanda kuwina mutaya £100 n'kupeza £50. Mbali zonse mwataya £50, ndipo palibe komishoni chifukwa palibe phindu. Mwapulumutsa theka, koma theka linalo lapita ndithu. Munthu akamaika £100 ija mpira usanayambe sadziwa kuti chigoli choyamba chigwera kuti, ndipo mtengo wa 2.10 unali utawerengera kale mbali ziwirizo.

Obetchetsa ambiri lero ali ndi batani la Cash Out lochita zofananako. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama imene batanilo likupereka yawerengedwa ndi kampani pa mitengo yake, choncho gawo lake ladulidwa kawiri, polowa ndi potuluka. Kampani ikhozanso kulizimitsa nthawi imene yafuna.

Malire a lamulo la phindu lotsala ayenera kumveka bwino. Limathera pa msika umodzi. Ngati mwapeza £40 pa Match Odds ndipo mwataya £40 pa msika wa zigoli, monga Over/Under 2.5 Goals, wa mpira womwewo, ekisichenji siphatikiza ziwirizi. Idula £2 yake pa msika woyamba, ndipo tsiku limene mumaliyesa lopanda phindu kapena kuluza latha muli ndi £2 yochepa. Munthu amene amawina theka la misika yake n'kuluza theka pa mitengo yachilungamo amatsika pang'onopang'ono ndi komishoni yokha. Mukaphatikiza maakaunti a anthu onse a pa ekisichenji, zimene ena apeza ndi zimene ena ataya zimafafanizana, ndipo chotsala ndi komishoni imene yatuluka. Gululo lonse limaluza, monga mmene makasitomala a m'shopu amaluzira, kungoti pang'onopang'ono.

Pali zinthu zimene wobetchetsa amachita bwino kuposa ekisichenji, ndipo si zazing'ono. Choyamba ndi chitsimikizo. M'shopu tikiti ikasindikizidwa, beti yalowa. Pa ekisichenji pansi pa mtengo uliwonse pamalembedwa ndalama imene ilipo pa mtengowo. Ngati pansi pa 2.10 pali £60 yokha ndipo inu mwapempha £100, £60 ndiyo itengedwe, £40 itsala ikudikira pansi pa mawu akuti Unmatched. Mukhoza kuisiya kuti mwina wina abwera, mukhoza kuichotsa, kapena kuvomera mtengo wotsikirapo wa 2.08. Mukaisiya osasintha kalikonse, kawirikawiri imafafanizika mpira ukayamba. Alipo amene amakondwerera chigoli kenako n'kupeza kuti ndalama yawo sinatengedwe. Choopsa kwambiri ndi pamene beti yotsekera ija, Lay ya £140, yatengedwa theka lokha, munthu n'kumayesa kuti watetezeka.

Pa mpira waukulu wa ligi ya ku England vuto limeneli silioneka kwenikweni, chifukwa ndalama zimakhala zambiri ndipo Back ndi Lay zimayandikana ngati 2.10 ndi 2.12. Pa ligi yaing'ono, kapena masiku angapo mpira usanafike, mukhoza kupeza Back 1.80 ndi Lay 2.40, pansi pake pali timapaundi towerengeka. Mpata waukulu chonchi ndi chizindikiro chakuti mulibe anthu mumsikamo. Amene adina 1.80 mwachangu walipira kuposa mmene shopu iliyonse ikanamudulira. Pamsika wotere wobetchetsa ndiye ali ndi mtengo wabwino, popeza iye amalemba mitengo pa mipira yonse imene waika pabolodi ndipo amakhala wokonzeka kulandira ndalama.

Chachiwiri ndi funso lakuti mbali inayo kuli ndani. Mawu akuti anthu akubetcherana okhaokha amapatsa chithunzi cha anzako awiri okangana za mpira. Kunena zoona, ndalama zambiri zodikira m'mabokosi aja ndi za akatswiri ndi mapulogalamu awo, amene amasintha mitengo mofulumira kuposa dzanja la munthu. Mpira uli m'kati, chithunzi cha pa wailesi yakanema kapena pa foni chimafika mochedwa ndi masekondi angapo poyerekeza ndi amene ali m'bwalo. Ekisichenji imaimitsa msika chigoli chikalowa kapena pakakhala penate, ndipo imachedwetsa beti iliyonse ndi masekondi ochepa, koma zimenezi sizithetsa kusiyanako. Mukasiya beti ikudikira ndipo mwadzidzidzi yatengedwa yonse, kawirikawiri ndiye kuti wina waona chimene inu simunachione. Ine ndimaona kuti apa m'pamene mtengo wabwino wa ekisichenji umabwezedwa mwakachetechete ndi anthu amene amasewera mpira uli m'kati.

Lay inabweretsanso nkhawa ina. Kuwinitsa hatchi n'kovuta, koma kuiluzitsa n'kosavuta kwa amene waikwera, ndipo ekisichenji inapatsa aliyense njira yopezera ndalama pa kuluza kwa hatchi imodzi. Obetchetsa akale anadandaula kwambiri za zimenezi Betfair itayamba kukula. Yankho la Betfair linali lakuti beti iliyonse ili ndi dzina la mwini akaunti, pamene ndalama yoperekedwa pamanja m'shopu ilibe dzina, ndipo mu 2003 inagwirizana ndi bungwe la za mijaha ya mahatchi la Jockey Club kuti izipereka mbiri ya mabeti okayikitsa. Malamulo a mijaha ku Britain amaletsa eni mahatchi ndi aphunzitsi awo kuchita Lay pa hatchi zawo. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo.

Nanga munthu amene amawinadi? Kwa wobetchetsa iye ndi chotayitsa ndalama, ndipo ku Britain n'zodziwika kuti akaunti yowina kawirikawiri imachepetsedwa mpaka mwini wake amaloledwa kuika timapaundi tochepa, kapena imatsekedwa. Ekisichenji ilibe chifukwa chomuthamangitsira, popeza ndalama imene wawina si yake ndipo komishoni imachokera kwa iye. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene akatswiri anasamukira kumeneko. Koma nawonso anapeza malire. Mu 2008 Betfair inayambitsa Premium Charge, yofuna kuti owina mosalekeza alipire osachepera 20 peresenti ya phindu lawo lonse, ndipo mu 2011 mlingo wa owina kwambiri unakwera mpaka 60 peresenti. Maganizo ake anali akuti anthu ochepa akuchotsa ndalama mumsika mofulumira kuposa mmene kampani ingabweretsere makasitomala atsopano. Zinakhudza anthu ochepa kwambiri, koma zinaulula kuti ekisichenji nayonso imadalira oluza kuti azibwerabe. Ndipo mpanda wa pakati pa mitundu iwiriyi unagwa kalekale pa nkhani ya umwini. Ladbrokes, wobetchetsa wakale, inagula Betdaq mu 2013, ndipo Betfair inaphatikizana ndi wobetchetsa wina, Paddy Power, mu 2016. Pa tsamba la Betfair lero pali zitseko ziwiri, Exchange ndi Sportsbook, ndipo chachiwiricho ndi wobetchetsa wamba. Munthu ayenera kuonetsetsa kuti walowa chiti.

Ma ekisichenji amatsegula maakaunti m'mayiko amene ali ndi chilolezo, n'chifukwa chake abale athu okhala ku Britain ndi amene amakumana nawo kwambiri. Mashopu ndi mabeti a pa foni amene tawazolowera kuno kwathu ndi a obetchetsa. Ndipo chimene chimakondedwa kwambiri m'mashopu amenewa, tikiti ya matimu ambiri, ndi chinthu chimene ekisichenji sichita bwino, chifukwa n'kovuta kupeza munthu wofuna Lay pa mndandanda wanu womwewo wa matimu 10. Ndi katundu wa wobetchetsa, ndipo amamukonda pa chifukwa chomveka. Gawo lake limachulukitsidwa ndi mpira uliwonse umene mwawonjezera. Pa mitengo ya 105.73 ija, £100 yoikidwa pa mpira umodzi imabweza pafupifupi £94.60 tikawerengera nthawi yaitali. Pa tikiti ya mipira 5 yotere imabweza pafupifupi £76, ndipo pa mipira 10 pafupifupi £57. Pa ekisichenji, beti imodzi ya £100 pa 2.10 imataya pafupifupi £3 pa kawerengedwe komweko, pamene yambiri mwa iyo ndi komishoni.